Kuzukuta ndakatulo: zithunzithunzi, kamvekedwe ndi maliwu, ndi umboni wake waufupi

Funso: "Aphunzitsi, atipatsa ntchito yokachitira kunyumba yoti tizukute ndakatulo. Akuti tipeze zithunzithunzi, kamvekedwe ndi zipangizo za maliwu, chilichonse ndi timawu tochepa tochokera m'ndakatulomo ngati umboni. Ine zipangizo ndimazitchula bwinobwino, koma pepala limabwera atalembamo kuti 'fotokoza' m'mbali monse, malikisi ochepa. Ndimalakwitsa pati?"

Yankho:

Mukuima pakati pa njira. Mfundo iliyonse m'ntchito yamtunduwu ili ndi magawo atatu: dzina la chipangizo, mawu enieni a m'ndakatulo amene chipangizocho chili, ndi ntchito imene chagwira pamalo pomwepo. Magawo awiri oyambawo amangosonyeza kuti mwachiona. Lachitatulo ndi limene wochonga akuitanitsa akamalemba kuti "fotokoza", ndipo lili ndi njira yake yolipezera. Tengani mawu amene mwawatola aja, muwanene m'chiyankhulo wamba monga mungauzire mnzanu, kenaka mudzifunse kuti chatayika n'chiyani. Chatayikacho ndi chimene mulembe.

Poti simunatumize ndakatulo yanu, ndapeka iyi yoti tigwirirepo ntchito. Mizere ndaiika manambala, ndipo inunso muzichita zomwezo pa pepala lanu musanayambe china chilichonse.

Munati Mubwera

1 Munati mubwera mvula isanagwe,
2 ndinasesa bwalo, ndinapukuta nyali.
3 Chitseko chinadikira kukamwa kuli yasa,
4 mpando wanu uli phee pakhonde.

5 Mvula inagwa, inagwa, inakata.
6 Dzimbiri ladya loko ngati chiswe,
7 mphepo ikusesa, ikusisita, ikusuzumira
8 m'chipinda chonunkha chinyontho.

9 Zikomo, bambo, mwasunga lonjezo:
10 mawu anu ndi phulusa m'dzanja langa.
11 Ndani amatola mthunzi n'kuuika m'thumba?
12 Chitseko ndatseka kuti gwa.

Iwerengeni kawiri mokweza, cholembera chili pansi. Mukatero lembani pambali chiganizo chimodzi chonena amene akuyankhula, amene akuyankhulidwa ndi chimene chachitika. Apa tinganene kuti munthu wina analonjezedwa kuti adzamubwerera, anadikira nyengo yonse ya mvula, ndipo tsopano wasiya kudikira. Chiganizo chimenechi sichilowa m'yankho lanu, koma mukalephera kuchilemba ndiye kuti ndakatuloyo simunaimve, ndipo zipangizo muzingozitola mwachisawawa. Onaninso kuti ndanena kuti "munthu wina". Ndakatuloyi sinatiuze ngati "bambo" wa m'mzere 9 ndi kholo, mwamuna wa pabanja kapena munthu wongopatsidwa ulemu. Mukalemba kuti mwana akudandaula bambo ake, mwaonjezera zanu. Muzilemba kuti "woyankhula" ndi "woyankhulidwa", ndipo musamati mlakatuli ndiye anadikira, chifukwa wolemba ndi woyankhula si munthu mmodzi nthawi zonse.

Yambani ndi kamvekedwe, ngakhale funso litakaika pakati kapena kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti zithunzithunzi ndi maliwu zimatumikira kamvekedweko. Mukakadziwa, gawo lachitatu lija la mfundo zinazo limapezeka mosavuta. Kamvekedwe ndi mmene woyankhula akuionera nkhani yake kapena munthu amene akumuyankhula, monga mmene zikumvekera m'mawu ake: mwaulemu, monyoza, modandaula, mwachiyembekezo, moopseza. Kusiyana kwake ndi mmene inu owerenga mukumvera mumtima kusakusokonezeni. Mukhoza kumva chisoni powerenga mawu a munthu amene iye mwini akuyankhula mokwiya.

Cholakwika chachikulu apa ndi kupereka liwu limodzi lophimba ndakatulo yonse, makamaka lija lakuti "kachisoni". Silabodza kwenikweni, koma likhoza kukwanira ndakatulo zambirimbiri, choncho silisonyeza kuti mwawerenga iyiyi. Kamvekedwe kawirikawiri kamasintha, ndipo malikisi abwino ali pamene kakhotera. Pofuna kupeza pokhotera, yang'anani zinthu zooneka ndi maso: pamene ndime yatha, pamene nthawi ya aneni yasintha, pamene pabwera mawu ngati "koma" kapena "tsopano", pamene woyankhula watembenukira munthu n'kumutchula, ndi pamene ziganizo zafupika mwadzidzidzi.

Tiyese. Ndime yoyamba ili ndi aneni a ntchito zokonzekera mlendo, "ndinasesa" ndi "ndinapukuta", ndipo woyankhulidwa akupatsidwa ulemu: "Munati", "mpando wanu". Kamvekedwe ndi kachiyembekezo, ngakhale nthawi yakale ya aneniwo ikutinong'oneza kale kuti chiyembekezocho chinapita. M'ndime yachiwiri woyankhula wasowamo. Palibe "ndi-" ngakhale mmodzi. Zikuchita zinthu ndi mvula, dzimbiri ndi mphepo. Uku ndi kutopa kwa munthu amene wangokhala n'kumaonerera zinthu zikuonongeka. Kenaka mzere 9: "Zikomo, bambo, mwasunga lonjezo". Wowerenga mothamanga alemba kuti woyankhula akuthokoza, ndipo apo ndiye wagwa, chifukwa mzere wotsatira womwewo ukuti mawuwo ndi "phulusa". Mawu akatsutsana ndi zimene ndakatulo yationetsa, ndiye kuti woyankhula akunena china kutanthauza china. "Zikomo" uyu ndi wonyogodola, ndipo ulemu wa "bambo" wasanduka chida cholasira. Umu ndi mmene mungagwirire kunyogodola kulikonse: musadalire kumva kwanu kokha, pezani mawu awiri otsutsana n'kuwaika pamodzi ngati umboni.

Ndiye m'malo mwa "kamvekedwe ndi kachisoni", chiganizo chanu chikhale chotere: kamvekedwe kakuyamba ndi chiyembekezo ("ndinasesa bwalo", mzere 2), kakudutsa m'kutopa ("inagwa, inagwa", mzere 5), n'kuthera m'kunyogodola kowawa, pamene woyankhula akuti "mwasunga lonjezo" (mzere 9) kwa munthu amene mawu ake ndi "phulusa" (mzere 10).

Tsopano zithunzithunzi. Awa ndi mawu amene amakuchititsani kuona, kumva phokoso, kununkhiza, kulawa kapena kukhudza chinthu m'maganizo. Mawu ngati chikondi, chisoni kapena lonjezo si chithunzithunzi, chifukwa simungawajambule kapena kuwagwira. Loko wadzimbiri mungamujambule. Dutsani m'ndakatulo ndi cholembera, mzere ndi mzere, mukulemba pambali kuti maso, makutu, mphuno, khungu kapena lilime. M'ndakatulo yathuyi maso atenga zambiri, mphuno yatenga "chonunkha chinyontho", khungu latenga "phulusa m'dzanja" ndi "ikusisita", makutu atenga "phee" ndi "gwa". Lilime silinapeze kanthu, ndipo musalikakamize. Ophunzira ena amaganiza kuti ayenera kupeza zonse zisanu, mpaka kulemba kuti "ladya" ndi chithunzithunzi cha kulawa. Ayi, palibe kukoma kapena kuwawa kumene tamva pakamwa pamenepo.

Chifanifani, chiyerekezo ndi umunthu ndi njira zopangira zithunzithunzi, choncho zimalowa m'gawo lomweli. Mayina a zipangizozi amasiyanako m'mabuku, ndiye tsatirani amene aphunzitsi anu amagwiritsa ntchito. Chofunika ndi kusiyanitsa zinthuzo. Chifanifani chimakhala ndi mawu olumikizira ngati "ngati" kapena "monga": "ladya loko ngati chiswe". Chiyerekezo chimangoti ichi ndi icho, popanda cholumikiziracho: "mawu anu ndi phulusa". Umunthu umapatsa chinthu chopanda moyo zochita za munthu: "Chitseko chinadikira". Chenjerani ndi "ngati", chifukwa si paliponse pamene akufanizira. M'chiganizo chakuti "ngati mubwera, ndidikira", palibe zinthu ziwiri zimene zikufananitsidwa.

Tiyeni tiime pa mzere 10, chifukwa ndi pamene njira ija yonena mwawamba imaoneka bwino. Mwawamba, mzerewu ukuti: lonjezo lanu linali lopanda pake. Chatayika n'chiyani? Choyamba, phulusa ndi chotsalira cha chinthu chimene chinayaka, ndiye kuti mawuwo kale anali ndi moto, ankatenthetsa. Chachiwiri, phulusa silibwereranso kukhala nkhuni. Chachitatu, lili "m'dzanja", kusonyeza kuti woyankhula anawagwiritsitsa mawuwo nthawi yonseyi, ndipo akafumbatula dzanja, kamphepo kalikonse kawauluza. Zinthu zitatu izi mulibe m'mawu akuti "lopanda pake". Simukuyenera kulemba zonse, ziwiri zikukwana. Koma onani kusiyana kwa mayankho awiri awa.

Lofooka: Mlakatuli wagwiritsa ntchito chiyerekezo m'mzere 10 pofuna kukometsa ndakatulo ndi kukopa owerenga.

Lamphamvu: Chiyerekezo chakuti "mawu anu ndi phulusa" (mzere 10) chikusonyeza lonjezo limene kale linkatenthetsa mtima koma tsopano lapserera, ndipo poti phulusalo lili "m'dzanja", tikuona kuti woyankhula analisunga mpaka litatha ntchito.

Mawu akuti "kukometsa ndakatulo", "kukopa owerenga" ndi "kutsindika mfundo" ndiwo amaitana "fotokoza" uja. Mungawamate pa chipangizo chilichonse m'ndakatulo iliyonse, ndiye sanena kanthu. Mukalemba kuti "kutsindika", pitirizani: kutsindika chiyani?

Chinthu china chimene chimakweza yankho ndi kuona chithunzithunzi chimene chabweranso chitasintha. Chitseko cha m'mzere 3 chili chotsegula, "kukamwa kuli yasa", ngati munthu wodabwa kapena woyembekezera, ndipo ndicho mwininkhani wa chiganizo. M'mzere 12 chasanduka chochitiridwa: "Chitseko ndatseka". Woyankhula uja anasowa m'ndime yachiwiri wabwerera, ndipo wachita kanthu. Kusesa nakonso kwabwera kawiri. M'mzere 2 akusesa ndi munthu, pokonzekera mlendo. M'mzere 7 ikusesa ndi mphepo, chifukwa munthu uja waleka. Mfundo imodzi yotere, yokhala ndi timawu tiwiri tochokera kumizere yotalikirana, imaposa mndandanda wa zithunzithunzi zisanu ndi chimodzi zongotchulidwa.

Zipangizo za maliwu ndizo zili ndi misampha yambiri, makamaka m'ndakatulo za Chichewa, ndipo zifukwa zake zili m'kapangidwe ka chiyankhulocho. M'Chichewa mawu a m'chiganizo amagwirizana ndi dzina lawo. Mukanena kuti "chingwe chachitali chija chaduka", mwabwereza "ch" m'mawu onse anayi, koma simunalakatule. Malamulo a chiyankhulo ndiwo akukakamizani. Choncho musanalembe kuti mwapeza chibwereza cha liwu, funsani ngati mlakatuli anali ndi mwayi wosankha. Mu "Chitseko chinadikira" analibe, chifukwa "chi-" wachiwiriyo ndi mgwirizano chabe. Mu "Munati mubwera" chimodzimodzi: "mu-" onse awiri akuimira "inu". Mukapereka amenewa ngati umboni wanu waukulu, wochonga wodziwa ntchito yake sakhutira.

Mzere 7 ndi wina. Tichotse "iku-" amene ndi wa malamulo, titsale ndi matsinde: -sesa, -sisita, -suzumira. Onse atatu akuyamba ndi "s", ndipo mlakatuli akanatha kunena kuti mphepo ikuomba, ikulowa. Uku ndi kusankha. Ntchito yake imvekera mukawerenga mokweza: "s" ndi liwu la mpweya wotuluka pakati pa lilime ndi mano mosadukiza, ndipo likutsanzira mphepo yolowera m'ming'alu. Werenganinso maphatikizo. "Ikusesa" ali 4, "ikusisita" ali 5, "ikusuzumira" ali 6. Mawu akutalikiratalikira monga mphepoyo ikulowerera mkati, ndipo mzerewo, wa maphatikizo 17, sukuima kumapeto kwake. Ulibe chizindikiro chopumira, ukungogwera m'mzere 8, "m'chipinda". Pa mzere 8 pomwepo pali chitsanzo cha pakatikati. Mu "m'chipinda chonunkha chinyontho", "cho-" ndi mgwirizano, koma "chinyontho" ndi dzina lina losankhidwa. Mukhoza kuutchula, koma monga umboni wothandizira, osati woyamba.

Msampha wachiwiri ndi kufanana kwa maliwu kumapeto kwa mizere. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, mawu ake amathera pa limodzi mwa amenewa, ndipo aneni ambiri amathera pa "a". Ndiye kuti mizere iwiri ithere pa lembo lofanana ndi chinthu chongochitika. Mizere 10, 11 ndi 12 ikuthera pa "langa", "m'thumba" ndi "gwa". Onse ndi "a", koma khutu silimva kugwirizana kulikonse. Polankhula Chichewa, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndilo limakokedwa pothera chiganizo, choncho kufanana kumene kumamveka ndi kumene kwayambira pamenepo: "nyali" ndi "kutali", "langa" ndi "mnzanga". Ndakatulo yathuyi ilibe kufanana kotere, ndipo kunena kuti ilibe ndi yankho loona. Ngati ntchito yanu ndi ya ndakatulo ya Chingerezi, nkhani ya mgwirizano ija palibe, ndipo kufanana kwa kumapeto kumakhala kochita kufuna kawirikawiri. Kumeneko chenjezo ndi lakuti muziweruza ndi khutu, chifukwa malembo ofanana sanenedwa mofanana nthawi zonse.

Chibwereza cha mawu n'chosavuta kuchiona, koma nachonso chifunseni ntchito yake. "Mvula inagwa" ikanakwana kutiuza kuti nthawi ya lonjezo yadutsa. "Inagwa, inagwa" ikutikhazika m'kudikirako, ndipo "inakata" ikudula chibwerezacho pamene khutu limayembekezera "inagwa" wachitatu. Nyengo yonse yatha m'mzere umodzi.

Za mvekero, siyanitsani iwiri. "Gwa" akumveka ngati chinthu cholimba chimene chatsekeka, pamene "phee" ndi "yasa" sakutsanzira phokoso lililonse. Wina akuonetsa bata, wina kutseguka. Onse ndi mvekero, koma si onse amene mungawatche otsanzira phokoso. "Gwa" ali ndi zambiri zoti munene. Ndi phatikizo limodzi lokha, lothera mzere waufupi kuposa yonse, wa maphatikizo 9, ndiye ndakatulo ikuima mwadzidzidzi monga chitsekocho. Komanso "gw" ameneyu tinamumva kale mu "isanagwe" ndi "inagwa". Liwu limene linanyamula lonjezo ndi kudikira ndi lomwelo latseka nkhani. Funso la m'mzere 11 ndi la chodziwadziwa, losafuna yankho, ndipo "mthunzi" ndi "m'thumba" akuyamba mofanana moti khutu likuwamangirira pamodzi pamene nzeru ikudziwa kuti chimodzi sichingalowe mu chinzake.

Tsono za katoledwe ka mawu a umboni. Akanena kuti aafupi, ganizani za liwu limodzi mpaka mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Kukopera ndime yonse kumauza wochonga kuti simukudziwa pamene chipangizo chili, ndiye mwamusiyira kuti adzifunire yekha. Pa chibwereza cha "s", tolani "ikusesa, ikusisita, ikusuzumira" basi. "Mphepo" musiyeni, mumutchule m'mawu anuanu. Mawu otoledwa akhale m'zizindikiro za mtengamawu, ndi nambala ya mzere, ndipo alowe m'chiganizo chanu mosadodometsa, osati kuima paokha ngati mlendo wosowa pokhala. Mukatola mawu odutsa mizere iwiri, ikani kamzere kopendekera pamene mzere wathera: "ikusuzumira / m'chipinda". Mukadumpha mawu pakati, ikani timadontho titatu: "Zikomo ... mwasunga lonjezo". Musasinthe lembo ngakhale limodzi kuti ligwirizane ndi chiganizo chanu. Ndakatulo ikuti "ndatseka". Ngati mukufuna kunena kuti woyankhula watseka chitseko, nenani zimenezo popanda zizindikiro, kapena konzani chiganizo chanu kuti "ndatseka" alowemo mmene alili. Pa zipangizo za maliwu, tchulaninso liwu lenilenilo. Kungoti "pali chibwereza m'mzere 7" n'kosakwanira. Nenani kuti ndi "s".

Pa kuchuluka kwake, ngati funso silinapereke nambala, mfundo ziwiri kapena zitatu zofotokozedwa bwino pa gawo lililonse zimakwana pa ndakatulo ya mizere 12 mpaka 20. Ngati lanena kuti "perekani zitsanzo ziwiri", perekani ziwiri, zosankhidwa bwino, chifukwa ochonga ambiri amawerengera zoyambirira zokha. Sankhani zimene zikugwirizana ndi kamvekedwe kamene mwatchula kale, kuti yankho lonse likhale nkhani imodzi. Ndime ya maliwu, mwachitsanzo, ingaoneke chonchi:

Maliwu a ndakatuloyi akutsata kusintha kwa kamvekedwe. M'ndime yachiwiri, chibwereza cha "s" mu "ikusesa, ikusisita, ikusuzumira" (mzere 7) chikutsanzira mphepo yolowa m'nyumba yopanda woisamala, ndipo kutalika kwa mawuwo kukukokera mzerewo pang'onopang'ono monga kudikira kotopetsa. Chibwereza cha mawu mu "inagwa, inagwa" (mzere 5) chikugwira ntchito yomweyo pa nthawi. Mosiyana ndi izi, mvekero "gwa" (mzere 12) ndi phatikizo limodzi lolimba limene likudula zonse, kusonyeza kuti woyankhula wapanga chiganizo chosabwerera.

Musanapereke ntchito, ikani pepala lanu pambali pa ndakatulo ndi kuyerekeza mawu onse otoledwa lembo ndi lembo, pamodzi ndi manambala a mizere, poti zolakwika zambiri zimalowa pokopera kuchokera m'mutu. Kenaka phimbani ndi chala dzina la chipangizo ndi mawu otoledwawo pa mfundo iliyonse, muwerenge chotsalacho. Chikakhala kuti chatsala ndi "pofuna kukometsa" kapena palibe chatsala, bwererani ku mzerewo, muunene mwawamba, mulembe chimene chatayika.